Silabasi ndi Kalikulamu: Kusiyana Kwake Nkotani?

Chaka ndi chaka, mayeso a Fomu 4 akamayandikira, pali funso limodzi limene limamveka m'boma lonse la Salima, kuyambira pa Chipoka mpaka ku Senga Bay ndi ku Lifuwu. Kholo limafunsa mwana, mwana amafunsa mphunzitsi, ndipo mphunzitsi wamkulu amafunsa aphunzitsi ake kuti, "Kodi silabasi yatha?" Zotsatira zikatuluka, wolephera amadandaula kuti mafunso anachokera kunja kwa silabasi, ndipo boma likasintha kanthu kalikonse pa maphunziro, anthu pamsika amangoti asintha silabasi. Chodabwitsa nchakuti ambiri mwa otchula mawuwa sanaigwirepo silabasiyo m'manja, ndipo sadziwa kuti pamwamba pake pali chikalata china chachikulu chimene akatswiri amachitcha kalikulamu. Kusadziwa kumeneku si nkhani ya Chingerezi chabe. Kwataitsa anthu ndalama za mayeso ndi zaka zathunthu.

Silabasi ndi kabuku ka phunziro limodzi. Pali silabasi ya Masamu, ya Chichewa, ya Jogalafe, ya Ulimi, ndipo iliyonse ili ndi malire a makalasi ake. Ku sekondale, masilabasi amene anasindikizidwa m'chaka cha 2013 anagawa phunziro lililonse pawiri: kabuku ka Fomu 1 ndi 2, ndi kabuku ka Fomu 3 ndi 4. M'kabukumo mwalembedwa mitu yoyenera kuphunzitsidwa, dongosolo la katsatanidwe kake, ndi zimene wophunzira ayenera kutha kuchita akamaliza mutu uliwonse. Munthu angathe kukanyamula, kukatsegula ndi kuloza ndi chala pamzere umene akukangana ndi mnzake.

Kalikulamu ndi ndondomeko ya maphunziro onse pamodzi. Imayankha mafunso amene silabasi singayankhe: mwana akhale zaka zingati ku pulayimale ndi zingati ku sekondale, aphunzire maphunziro ati, ndipo mwa amenewo okakamiza ndi ati, osankha ndi ati, phunziro lililonse lipatsidwe nthawi yochuluka bwanji pa mlungu, aphunzitsi aphunzitse m'chiyankhulo chiti, ophunzira ayesedwe motani, ndiponso, koposa zonse, dziko likufuna kuti wotuluka m'sukulu akhale munthu wotani. Tsono masilabasi onse ndi ana a kalikulamu. Iyo ndi imene imagamula kuti phunziro lakutilakuti likhalepo, ndipo silabasi imabwera pambuyo kudzanena za m'kati mwa phunzirolo.

Mbiri ya mawu awiriwa imathandiza kuwakumbukira. Mawu akuti kalikulamu ndi a Chilatini, ndipo tsinde lake ndi mneni wotanthauza kuthamanga. Kwa Aroma ankanena za liwiro, kapena bwalo limene magaleta ankapikisanapo. Masukulu a ukachenjede a ku Ulaya, monga ya ku Leiden m'zaka za m'ma 1500 ndi ya ku Glasgow m'zaka za m'ma 1600, anawatenga mawuwa natchulira ulendo wonse umene wophunzira ayenera kuyenda kuchokera polowa mpaka potuluka.

Mawu akuti silabasi ali ndi mbiri yoseketsa, pakuti anabadwa mwa kulakwitsa. M'masiku a Aroma mabuku anali mipukutu, ndipo kuti munthu adziwe za m'kati popanda kufunyulula, ankamatapo kachikopa kolembedwa dzina la bukulo. Agiriki ankakatcha kachikopako sitiba. Cicero, m'makalata amene ankalembera bwenzi lake Atticus, anatchula tizikopa timeneti. Patapita zaka mazana ambiri, okopera ndi osindikiza makalatawo anawerenga molakwa zilembo za pakati, ndipo mawu aja anatuluka akumveka ngati silabosi. Ophunzira a nthawi imeneyo anaganiza kuti ndi mawu enieni a Chigiriki otanthauza kusonkhanitsa pamodzi, nayamba kuwagwiritsa ntchito. Pofika m'zaka za m'ma 1650 anali atalowa m'Chingerezi ndi tanthauzo la mndandanda wa mitu ya nkhani. Cholakwacho chinakhazikika, koma tanthauzo loyamba silinatayike kwenikweni: silabasi ikadali chizindikiro chonena za m'kati mwa mpukutu umodzi.

Nchifukwa ninji tsono Amalawi amadziwa liwu limodzi lokha mwa awiriwa? Yankho lili m'mbiri ya mayeso. Pamene sukulu zoyamba za sekondale zinatsegulidwa, ya Blantyre m'chaka cha 1940, ya Akatolika ku Zomba m'chaka cha 1942 ndi ya Dedza m'chaka cha 1951, ophunzira ake ankalemba mayeso okonzedwa ku Cambridge, ku Mangalande. Chimene chinkafika kuno kuchokera kwa oyesawo chinali mndandanda wa mitu imene mafunso adzachokeramo. Mphunzitsi ndi wophunzira anazolowera kuona silabasi ngati kalata yochokera kwa woyesa, ndipo liwulo linalowa m'Chichewa litamatirira ku mayeso. Liwu la kalikulamu linatsalira m'maofesi ndi m'makoleji a aphunzitsi.

Zinthu zinasintha kalekale, ngakhale chizolowezi cha kamwa chinatsala. Ntchito yokonza kalikulamu ndi masilabasi a pulayimale ndi sekondale inaperekedwa ku bungwe la Malawi Institute of Education la ku Domasi, limene linakhazikitsidwa m'chaka cha 1979 ndi kuyamba ntchito m'chaka cha 1982. Ntchito yoyesa ili m'manja mwa bungwe lina, la MANEB ku Zomba, limene linakhazikitsidwa m'chaka cha 1987. Wolemba silabasi ndi wina, wofunsa mafunso ndi wina, ndipo wachiwiriyu amafunsa kuchokera m'zimene woyambayo analemba. Amene amati MANEB yasintha silabasi amaloza khomo lolakwika.

Chitsanzo chimene chikuonetsa bwino kusiyana kwa zikalata ziwirizi ndi cha phunziro la Fizikolo Sayansi. Kwa zaka zambiri ophunzira a sekondale m'Malawi ankaphunzira za mphamvu, magetsi ndi kuwala pamodzi ndi za maasidi, zitsulo ndi mipweya m'phunziro limodzi la dzina limeneli. Pamene kalikulamu ya sekondale inaunikidwanso, anagamula kuti phunzirolo ligawidwe pawiri, pakhale Fizikisi payekha ndi Kemisitiri payekha. Kalikulamu yatsopanoyo inayamba ndi Fomu 1 m'chaka cha 2015, inafika Fomu 3 m'chaka cha 2017, ndipo mayeso a MSCE oyamba kuchokera m'menemo analembedwa m'chaka cha 2019.

Chigamulo chakuti phunziro limodzi likhale awiri chinali cha kalikulamu. Chinakhudza ndandanda wa nthawi pasukulu iliyonse, chiwerengero cha aphunzitsi a sayansi ofunika, zipangizo za m'chipinda choyeseramo zinthu, ndi mayina olembedwa pa satifiketi. Chigamulocho chitapangidwa, panafunika timabuku tatsopano tonena kuti mu Fizikisi mukhale mitu iti ndipo mu Kemisitiri mukhale iti, komanso kuti mutu uliwonse uzame kufika pati. Timabuku timeneto ndiwo masilabasi. Anthu pamsika anati asintha silabasi, ndipo sananame, koma ananena theka la nkhani.

Theka linalo linagwera anthu a mtundu umodzi: otsiriza sukulu amene anafuna kubwereza mayeso. Wowerenga aganizire za mnyamata wa kunyanja amene analemba MSCE kalikulamu yakale isanathe, sanakhoze bwino sayansi, nakhala zaka zinayi kapena zisanu akuthandiza pa chilimira kapena kuyanika usipa pa thandala kuti apeze ndalama za mayeso. Akabwerera kudzalembetsa monga wapadera, ali ndi makope ake a manotsi ndi mapepala a mayeso akale, amapeza kuti phunziro limene analephera kulibenso. Akamva kuti yasintha ndi silabasi yokha, amaganiza kuti angowonjeza mitu iwiri kapena itatu imene angabwereke kwa mng'ono wake. Chenicheni nchakuti ayenera kusankha pakati pa maphunziro awiri, kapena kutenga onse, ndipo lililonse lili ndi kabuku kake ndi mayeso ake. Manotsi ake akale sali opanda ntchito, pakuti malamulo a magetsi sanasinthe, koma sangamuuze chimene chawonjezedwa ndi chimene chachotsedwa. Chimenecho angachipeze poika makope ake pambali pa silabasi yatsopano ndi kuchonga mutu ndi mutu.

Pali chitsanzo chinanso chimene chikuonetsa kuti silabasi si mayeso. M'chaka cha 2015 boma linalengeza kuti mayeso a JCE athetsedwa, ndipo omaliza analembedwa m'chaka cha 2016. Mayesowo anabwereranso m'chaka cha 2021. M'zaka zapakatipo masilabasi a Fomu 1 ndi 2 sanafe ayi. Anali m'sukulu, ndipo mitu yake inali maziko a zonse za Fomu 3. Amene ankakhulupirira kuti silabasi ndi kalata ya woyesa anaona ngati zaka ziwirizo zasanduka zongodutsamo, ndipo wophunzira amene anadutsamo chomwecho anakakumana ndi ngongole yake m'masamu a Fomu 3. Kuika kapena kuchotsa mayeso a boma ndi nkhani ya pamwamba. Silabasi imagwirabe ntchito kaya woyesa alipo kaya palibe.

Tsono nkoyenera kutsegula kabukuko ndi kuona mmene kanayalidwira, pakuti ambiri amakaopa chifukwa chosadziwa poyambira. Masilabasi a sekondale a 2013 amayamba ndi masamba angapo amene aphunzitsi ambiri amawalumpha. M'masamba amenewa muli zolinga za maphunziro a dziko lonse: unzika wabwino, makhalidwe ndi chikhalidwe, luso la ntchito ndi malonda, kusamala chilengedwe, luso la sayansi ndi kuganiza mwanzeru. Masambawa ndi ofanana m'silabasi ya Masamu ndi ya Chichewa, chifukwa si a phunziro limodzi. Ndi chidule cha kalikulamu chimene chaikidwa pakhomo pa silabasi iliyonse. Amene akufuna kuona zikalata ziwirizi pamalo amodzi ayang'ane pamenepa: chimene chili chofanana m'masilabasi onse ndi cha kalikulamu, ndipo chimene chikusiyana ndi cha silabasi.

Pambuyo pake pamabwera chifukwa chophunzirira phunzirolo, kenaka tchati choonetsa mmene mitu ikukulira kuchokera kalasi ina kupita ina. Thunthu la kabukuko ndi tebulo la madanga asanu ndi limodzi. Danga loyamba likunena muyeso wa kakhozedwe, ndiko kuti chinthu chachikulu chimene chidzaonetse kuti wophunzira wadziwa. Lachiwiri lili ndi zizindikiro za kakhozedwe, zimene zikuphwanya muyesowo kukhala ntchito zing'onozing'ono zimene wophunzira ayenera kutha. Lachitatu ndi mutu. Atatu otsalawo ndi zochita za m'kalasi, njira zophunzitsira ndi zoyesera, ndi zipangizo. Pamwamba pa madanga atatu omalizawa pali liwu limodzi lofunika kwambiri, lotanthauza kuti zolembedwazo ndi maganizo chabe amene mphunzitsi angatsate kapena kusintha. Pamwamba pa atatu oyambawo liwulo palibe. Atatu oyamba ndi lamulo, atatu omaliza ndi uphungu.

Phindu la kusiyanitsa kumeneku limaoneka bwino pa mutu wa usodzi, umene umapezeka m'phunziro la Jogalafe. Wowerenga ayerekeze kuti pansi pa mutuwu pali zizindikiro ziwiri: china chikuti wophunzira atchule mavuto a usodzi m'Malawi, china chikuti afotokoze njira zotetezera nsomba. Chofunika kuyang'ana ndi mneni. Kutchula ndi kupereka mayina okha: kuchuluka kwa asodzi, maukonde a maso aang'ono, kugwiritsa ntchito masikito pogwira nsomba, matope obwera ndi mitsinje. Wophunzira amene walemba mzere umodzi pa chilichonse wakhoza. Kufotokoza ndi ntchito ina. Amene wangolemba kuti njira imodzi ndi kutseka nyanja watchula, sanafotokoze, ndipo woyesa ali ndi chifukwa chomumana malikisi.

Wofotokoza ayenera kunena chifukwa chake. Chambo chimaswana m'madzi osaya, m'mene chachimuna chimakonza chisa pamchenga, ndipo chachikazi chimasunga mazira ndi ana m'kamwa mwake mpaka atakula pang'ono. Khoka lokokedwa kugombe m'nyengo imeneyi limafafaniza zisa ndi kuzula zomera za pansi pa madzi zimene tinsomba timabisalamo, ndipo likagwira mayi mmodzi lapha ana onse amene anali m'kamwa. Nchifukwa chake boma limaletsa makoka ena m'miyezi ya Novembala ndi Disembala, kuti nsomba ziswane ndi kuti kasawala akule. Yankho lotere lalumikiza lamulo ndi moyo wa nsomba, ndipo ndilo limene mneni wakuti kufotokoza akufuna. Wophunzira amene wadziwa kuwerenga aneni a m'danga lachiwiri amadziwa pasadakhale kuzama kwa funso limene angakumane nalo.

M'danga la zipangizo mungalembedwe mapu, zithunzi kapena matchati. Mphunzitsi wa ku Dedza kapena ku Mzimba angafunikedi chithunzi cha khoka. Mphunzitsi wa ku Senga Bay ali ndi khoka lenileni pamchenga, mtunda woyenda pansi kuchokera pasukulu. Alinso ndi chilumba cha Mbenji m'boma lake lomwelo, kumene mafumu a dera la Makanjira akhala akutseka usodzi chaka chilichonse kuyambira m'zaka za m'ma 1950: asodzi amachoka pachilumbapo mu Disembala, ndipo amabwerera mu Epulo pamwambo wotsegulira, utaka utapuma. Akaitana mkulu wa komiti ya pagombe kuti afotokozere ana mmene chiletso chimagwirira ntchito ndi mmene ophwanya lamulo amalangidwira, sanatuluke m'silabasi ngakhale pang'ono. Wasintha danga la uphungu, wasunga danga la lamulo. Komanso wakwaniritsa chimodzi mwa zolinga za m'masamba oyamba aja, chosamala chilengedwe, kotero kuti m'phunziro limodzi watumikira silabasi ndi kalikulamu yomwe.

Chimene chimachitika kawirikawiri ndi chosiyana ndi ichi. Mphunzitsi amatenga buku la ophunzira, nayamba pa tsamba loyamba kulemba manotsi pabolodi, ndipo akafika pa tsamba lomaliza amalengeza kuti silabasi yatha. Buku si silabasi. Buku ndi kumasulira kwa wolemba mmodzi, ndipo ku sekondale pamakhala mabuku angapo ovomerezeka a phunziro limodzi, osindikizidwa ndi makampani osiyana. Wina amazama pa mutu umene silabasi imangofuna kuti utchulidwe, wina amadutsa mothamanga pamene silabasi ikufuna kufotokoza. Choipa kwambiri ndi timabuku ta manotsi togulitsidwa m'misika, topanda dzina la wolemba kapena chaka, timene kawirikawiri ndi zokopera za silabasi yakale zovekedwa chikuto chatsopano. Mwana akatuluka m'chipinda cha mayeso akulira kuti funso linali kunja kwa silabasi, nthawi zambiri funsolo linali kunja kwa manotsi ake okha.

Pakati pa silabasi ndi bolodi pali zikalata zina ziwiri zimene mphunzitsi amalemba yekha, ndipo nazonso zimasokonezedwa ndi silabasi. Choyamba ndi sikimu, m'mene amagawa mitu ya teremu mlungu ndi mlungu, nasiya malo olembapo zimene waphunzitsadi. Chachiwiri ndi chikonzekero cha phunziro la tsiku limodzi. Apa ndi pamene kalikulamu imaonetsa mphamvu yake, pakuti nthawi imene mphunzitsi akugawayo sanaisankhe yekha. Wowerenga ayerekeze teremu ya milungu 13, ndi phunziro limene lapatsidwa mapiriyodi atatu a mphindi 40 pa mlungu. Milungu iwiri ikapita ku mayeso a pasukulu ndi kutsekera, yatsala 11. Amenewo ndi mapiriyodi 33, kapena maola 22 okha pa teremu yonse. Ngati mitu ya teremuyo ili isanu ndi itatu, uliwonse ungalandire mapiriyodi anayi, ndipo yotsala ndi imodzi. Maliro awiri, mvula ya tsiku limodzi yodzaza mtsinje, ndi msonkhano wa aphunzitsi, zikwanira kudya mutu wathunthu.

Masamu amenewa akuonetsa kumene dandaulo liyenera kupita. Ngati mitu yachuluka kuposa maola, vuto lingakhale la silabasi, imene yadzaza kwambiri, kapena la kalikulamu, imene yapatsa phunzirolo nthawi yochepa chifukwa maphunziro achuluka. Mankhwala ake ndi osiyana. Loyamba limatha pochotsa mitu m'kabuku kamodzi. Lachiwiri limafuna kukhudza ndandanda wa maphunziro onse, pakuti piriyodi yowonjezedwa ku Jogalafe iyenera kuchotsedwa kwina. Aphunzitsi akafunsidwa maganizo pa nthawi yowunikanso maphunziro nangoti silabasi ndi yaitali, osanena kuti ndi mitu iti ndi maola angati, amataya mwayi wawo. Amene wabwera ndi sikimu yake, naonetsa kuti zaka zitatu zotsatizana mutu wakutiwakuti sunafikidwe ngakhale iye sanajombe, wabweretsa umboni umene a ku Domasi angagwiritse ntchito.

Pali ngozi inanso ya mbali yachiwiri, ndipo iyi ndi ya sukulu zimene zimanyadira kukhoza. Kumeneko silabasi imameza kalikulamu. Nthawi ya masewera olimbitsa thupi imasanduka ya Masamu, munda wa sukulu umamera thengo pamene ana akuloweza mayina a feteleza, zoyesa za sayansi zimajambulidwa pabolodi m'malo mochitidwa ndi manja, ndipo makalabu amatsekedwa Fomu 4 ikayamba. Ku pulayimale, kalikulamu imene inayamba ndi Sitandade 1 m'chaka cha 2007 inasonkhanitsa nyimbo, magule, zojambula, zosoka ndi masewera m'phunziro limodzi. Nzotheka kumaliza mitu yonse ya phunziro limenelo mwa kulemba manotsi okha, mwana osagwira singano kapena ng'oma. Pamapepala silabasi yatha. Chimene kalikulamu inafuna, chakuti mwana adziwe kupanga kanthu ndi manja ake, sichinachitike. Woyesa sangachione chosowacho m'maola awiri, koma wolemba ntchito amachiona m'mlungu woyamba.

Nkhani ya chiyankhulo nayo imagwa mbali yomweyo. M'midzi yambiri ya m'mbali mwa nyanja ku Salima ana amakula akuyankhula Chiyao, nakakumana ndi Chichewa ndi Chingerezi pasukulu. Chichewa chinakhala chiyankhulo cha fuko m'chaka cha 1968, ndipo lamulo la maphunziro la 2013 linaika Chingerezi kukhala chiyankhulo chophunzitsira. Palibe silabasi ya Masamu kapena ya Ulimi imene inagamula zimenezi, ndipo palibe imene ingazisinthe. Kholo limene likuona kuti mwana wake akulephera chifukwa cha chiyankhulo likadzudzula silabasi, likulimbana ndi nthambi pamene nkhani ili ku tsinde.

Chimene chiyenera kukonzedwa msanga ndi chapafupi ndiponso chosalira ndalama zambiri. Silabasi si chinsinsi cha ofesi. Pasukulu zambiri kabukuko kamakhala m'kabati ya mphunzitsi wamkulu kapena ya mkulu wa chigawo, kamatuluka pa nthawi yolemba masikimu, kenaka kamatsekeredwanso. Wophunzira wa Fomu 3 ali ndi ufulu wodziwa zimene adzayesedwe pakatha zaka ziwiri. Mphunzitsi wa phunziro lililonse angathe kukopera zizindikiro za kakhozedwe za teremu papepala limodzi ndi kulimata kukhoma la kalasi, kuti ana azichonga okha zimene atha ndi kufunsa zimene zalumphidwa. Ena adzati kutero nkupatsa ana ndodo yokwapulira mphunzitsi. Mphunzitsi amene akugwira ntchito yake alibe choopa, ndipo pepala lomwelo limamuteteza pamene kholo likumunena kuti sanaphunzitse zimene zinali m'kabuku ka pamsika.

Sukulu zimene zimalembetsa olemba mayeso apadera zili ndi udindo woposa kulandira ndalama ndi zithunzi. Amene anasiya sukulu zaka zapitazo asanalembe dzina la phunziro pa fomu, ayenera kuonetsedwa silabasi imene mayeso a chaka chimenecho achokeremo. Iyenso asachite manyazi kufunsa, pakuti akuluakulu anati safunsa anadya phula. Mafunso ake akhale awiri osiyana. Loyamba ndi la kalikulamu: kodi maphunziro amene ndinalemba alipobe ndi mayina omwewo, ndipo malamulo opezera satifiketi ndi omwe aja? Lachiwiri ndi la silabasi: m'phunziro lililonse, ndi mitu iti yalowa, ndi iti yatuluka? Wolemba Chichewa kapena Chingerezi awonjezepo lachitatu, la mabuku a nkhani, masewero ndi ndakatulo osankhidwa, pakuti mndandanda wake umatha kusintha kabuku ka silabasi kali komweko.

Nkhaniyi siinathere mu 2019. M'chaka cha 2025 boma linalengeza ndondomeko ina yosintha kayalidwe ka zaka za sukulu, yoti pakhale chaka chimodzi chokonzekera, zaka zisanu ndi chimodzi za pulayimale ndi zisanu ndi chimodzi za sekondale, m'malo mwa zisanu ndi zitatu ndi zinayi zimene anthu anazolowera. Kusintha kotere ndi kwa kalikulamu, ndipo kukayamba kugwira ntchito sikufika m'makalasi onse tsiku limodzi. Monga zinachitikira mu 2015, kumayamba ndi kalasi ya pansi ndi kukwera chaka ndi chaka, kotero kuti pasukulu imodzi pamakhala masilabasi a mibadwo iwiri kwa zaka zingapo, mkulu akuphunzira yakale, mng'ono wake yatsopano. M'nyengo yotere wogula buku kapena wobwereka manotsi ayang'ane zinthu zitatu pachikuto cha silabasi ndi patsamba lotsatira: dzina la phunziro, makalasi amene kabukuko kakunena, ndi chaka chimene kanasindikizidwa. Akatero afunse mphunzitsi wamkulu ngati kalasi yake ili pa kabuku kameneko kapena pa kena.